Ma p atatu pa deta imodzi: odwala khunyu ndi anthu athanzi pa mayeso okumbukira mawu

Kambalame
Moni nonse. Ndithandizeni, zandisokoneza. Ndili ndi odwala khunyu 14 ndi anthu athanzi 30 oti ndiwayerekezere nawo. Onse anawerengeredwa mndandanda wa mawu 15 wa Rey kasanu, ndipo patapita mphindi 30 anafunsidwa kuti atchule mawu omwe akuwakumbukirabe. Malikisi omwe ndikuyerekeza ndi a kumapetowa, kuyambira 0 mpaka 15. Odwala avereji yawo ndi 7.0, `SD` 4.0. Athanzi avereji 9.0, `SD` 2.0. Shapiro-Wilk ya odwala yandipatsa `W = 0.91`, p yaposa 0.10, ndiye ndinapanga testi ya t mu SPSS. Yatulutsa mizere iwiri. Wa `Equal variances assumed` ukuti p = 0.03, wa `Equal variances not assumed` ukuti pafupifupi 0.10. Mnzanga anati ndiyesenso Mann-Whitney, yabwera 0.20. Ondiyang'anira akuti ndilembe ya 0.03 poti Shapiro-Wilk yadutsa. Kodi yoona ndi iti pamenepa?

Tsabola_7
Anthu 14 ndi ochepa. Malamulo ake ndi odziwika: osakwana 30, pitani ku Mann-Whitney. Nkhani yatha.

MlendoWaUsiku
Ine ndikuona kuti mwasankha testi yolakwika kuyambira pachiyambi. Munthu aliyense wayesedwa kasanu kenako kamodzinso, ndiye manambala ake ndi olumikizana. Mukufunika `Paired-Samples T Test`.

Chiwerengero
A MlendoWaUsiku, werenganinso funso. Akuyerekeza malikisi amodzi okha pa munthu aliyense, a pambuyo pa mphindi 30, ndipo anthu a m'magulu awiriwa ndi osiyana. Odwala 14 mungawalumikize bwanji awiriawiri ndi anthu 30? Testi mukunenayo ingagwire ntchito ngati akufunsa kuti munthu yemweyo wataya mawu angati kuchokera pa ulendo wachisanu kufika kumapeto. Limenelo ndi funso lina.

A Kambalame, tisanakangane za p, tiikireni manambala enieniwo tiwaone. Si ambiri.

Kambalame
Odwala: 0, 1, 2, 3, 6, 7, 8, 8, 9, 10, 10, 11, 11, 12.
Athanzi: mmodzi anapeza 5, awiri 6, asanu 7, anayi 8, asanu ndi mmodzi 9, anayi 10, asanu 11, awiri 12, mmodzi 13.

Chiwerengero
Zikomo. Tsopano zaoneka bwino. Ndiyambe ndi mizere iwiri ya SPSS ija, chifukwa mpamene pagona nkhani.

Mzere woyamba ndi t ya Student, ndipo umatenga ngati magulu awiriwa amwazikana mofanana. Umaphatikiza `SD` ziwirizo kukhala imodzi, ndipo pophatikizapo gulu lalikulu ndi lomwe limakhala ndi mphamvu zambiri. Kwa inu gulu lalikulu ndi la athanzi, omwe aunjikana pafupipafupi. Ndiye `SD` yophatikizayo ikubwera 2.8, kupendekera kwa athanzi, pomwe odwala anu ali pa 4.0. Kusiyana kwa maavereji ndi mawu 2. Mukagwiritsa ntchito 2.8 ija, `SE` ikubwera 0.90, t ikukhala 2.22 ndi `df` 42, p 0.03.

Koma dzifunseni: mwa maavereji awiriwa, ndi iti yomwe sitikuidziwa bwino? Ndi ya odwala. Ndi ochepa, komanso ndi omwe amwazikana kwambiri. Mukanatenga odwala ena 14, avereji yawo ikanatha kusuntha ndi mawu amodzi kapena awiri popanda chodabwitsa. T ya Student ikubisa kukayikitsa kumeneku chifukwa yabwereka bata la gulu la athanzi n'kulipereka kwa odwala.

Mzere wachiwiri ndi t ya Welch. Iyo imalola gulu lililonse kusenza kumwazikana kwake:

```
SE = sqrt(4^2/14 + 2^2/30) = 1.13
t  = 2 / 1.13 = 1.77,  df = 16.1
```

Onani kuti `df` yatsika kuchoka pa 42 kufika pa 16, pafupi ndi chiwerengero cha odwala. Zili choncho chifukwa kukayikitsa konse kuli mbali ya odwala, ndipo anthu athanzi 30 aja sangakuchotsereni. Ngakhale mutapeza athanzi 300, `SE` singatsike kupyola 1.07.

Pakati pa mizere iwiriyi, woyenera ndi wachiwiri. Shapiro-Wilk ilibe mawu pa nkhaniyi. Imayang'ana maonekedwe a gulu limodzi, siyerekeza kumwazikana kwa magulu awiri.

Kambalame
Ndamva. Koma ondiyang'anira ndiwauza bwanji? Akangoona 0.03 ndi 0.10 aziti ndikudzilanda ndekha chinthu chomwe ndapeza.

Chiwerengero
Aonetseni izi mu R. Tikupanga magulu awiri okhala ndi avereji imodzimodzi, 9, koma kukula ndi kumwazikana kwake ngati kwanu, n'kuwerenga kuti t ya Student ikulengeza kusiyana kangati pomwe palibe.

```r
mean(replicate(10000,
  t.test(rnorm(14, 9, 4), rnorm(30, 9, 2),
         var.equal = TRUE)$p.value < 0.05))
```

Imayenera kubwera 0.05. Muona kuti ikubwera cha m'ma 0.12, kuposa kawiri. Chotsani `var.equal = TRUE` muyendetsenso, ibwerera cha pa 0.05, chifukwa `t.test` ikasiyidwa yokha imapanga Welch. Ndiye 0.03 ija si chinthu chomwe mwapeza n'kuchitaya. Ndi nambala yochokera pa muyeso womwe pa deta yooneka ngati yanu umalira kawirikawiri popanda chifukwa.

Tsabola_7
Zonsezi bwenzi kulibe mukanangomvera. Mann-Whitney siifuna kuti deta ioneke ngati belu, siifuna china chilichonse. Komanso malikisi a 0 mpaka 15 si manambala oyenda mosalala, munthu sangakumbukire mawu 7.4.

Nyenyezi_ya_Mbandakucha
A Tsabola_7, pa zoti malikisi ndi owerengeka chimodzichimodzi ndipo ali ndi malire, ndikugwirizana nanu. Koma zoti Mann-Whitney siifuna kalikonse, ayi. Choyamba, siyankha funso lomwe t ikuyankha. T ikufunsa kuti maavereji asiyana ndi mawu angati. Mann-Whitney ikufunsa kuti ndikatola wodwala mmodzi ndi wathanzi mmodzi mwachisawawa, mwayi woti wathanziyo wapeza zambiri ndi wotani.

Ndawerengera pa deta ya a Kambalame. Odwala 14 kuchulukitsa ndi athanzi 30 zikupereka mapeyala 420. Wodwala wopeza 0, 1, 2 kapena 3 wapambanidwa ndi athanzi onse 30, ndiye anayiwo akupereka 120. Wopeza 9 wapambanidwa ndi 12 ndipo wafanana ndi 6, kufananako timakuwerenga theka, zikukwana 15. Wopeza 12 wapambanidwa ndi mmodzi yekha, wafanana ndi awiri, ndiye 2. Mukatero mpaka onse mupeza 260.5. Gawani ndi 420, ndi 0.62. Pakanakhala palibe kusiyana ikanakhala 0.50.

Tsono onani chomwe chachitika kwa odwala anayi apansi aja. Kwa Mann-Whitney, wopeza 0 ndi wopeza 3 angokhala pansi pa mzere basi, mtunda womwe ali nawo kuchokera kwa ena sukuwerengedwa. Akanapeza 4 onse anayiwo, 260.5 ikanakhala chimodzimodzi. N'chifukwa chake p yake yakwera kufika 0.20. Sikuti testiyi ndi yosamala kuposa inzake, yangotaya mbali ya uthenga yomwe t inagwiritsa ntchito.

Chachiwiri, p ya Mann-Whitney imawerengedwa potenga ngati magulu awiriwa achokera m'chinthu chimodzi chofanana m'zonse. Gulu laling'ono likakhala lomwazikana kwambiri, nayonso imalira mopitirira muyeso, ngakhale osati kwambiri ngati Student. Amene akufunadi funso la mwayi lija pa magulu omwazikana mosiyana, pali njira ya Brunner ndi Munzel ya mu 2000 yomwe inapangidwira zimenezi.

Tsabola_7
Ine ndinaphunzira kuti imayerekeza mamediyani.

Nyenyezi_ya_Mbandakucha
Imatero pokhapokha magulu awiriwo ali ndi maonekedwe amodzi, lina langosunthira kumbali. Apa sizili choncho. Mediyani ya odwala ndi 8, ya athanzi 9, koma gulu limodzi lili ndi mchira wautali wopita ku 0, linalo lilibe.

NamwinoWakale
Pepani kulowerera, ine za matesti sindidziwa kwambiri, koma mayeso awa ndawachititsapo odwala ambiri. Mphindi 30 zija munkawachititsa chiyani anthuwo? Chifukwa ena mukawasiya chete amangobwereza mawuwo chamumtima. Ena mukawapatsa ntchito ina ya mawu, mawu atsopanowo amasakanikirana ndi akale. Komanso wodwala khunyu amene wagwa usiku wathawu kapena m'mawa womwewo sakhala bwinobwino m'mutu, mukhoza kulemba 1 pa munthu yemwe sabata yamawa apeza 8.

Kambalame
Amayi, onse ankapatsidwa ntchito yojambula zithunzi pa nthawiyo, yopanda mawu. Amene anagwa m'maola 24 apitawo tinkawasinthira tsiku.

MlendoWaUsiku
Nanga amene ankayesa ankadziwa kuti uyu ndi wodwala, uyu wathanzi? Ndinaonapo woyesa wina akudikira nthawi yaitali kwa odwala, kumawalimbikitsa kuti yesaninso, pomwe athanzi akangoti basi iye n'kutseka pepala. Zotere zimachepetsa kusiyana kwa magulu.

NamwinoWakale
Zimachitikadi. Mtima umafewa ukaona munthu akuvutika. Mpake kulemberatu kuti mudikira masekondi angati munthu akakhala chete.

Kambalame
Ankadziwa, panalibe njira yobisira. Ndilemba zimenezo ngati chofooka cha kafukufukuyu. Koma tibwerere ku testi, chonde.

DzanjaLamanzere
Bwanji osangochotsa anayi apansiwo? Akuoneka kuti ndi manambala osokera. Mukawachotsa `SD` ya odwala itsika, magulu afanana kumwazikana, vuto la Welch ndi Student litha lokha.

Chiwerengero
Litha, koma limodzi ndi kafukufuku yense. Werengani khumi otsalawo: 6, 7, 8, 8, 9, 10, 10, 11, 11, 12. Akukwana 92, avereji 9.2, pomwe athanzi ali pa 9.0. Kusiyana konse kwa mawu 2 kwachokera kwa anthu anayi mukufuna kuwachotsawo. Nambala timaichotsa ikakhala yolembedwa molakwika kapena mayeso atasokonekera, monga momwe a NamwinoWakale afotokozera. Wodwala amene wakumbukira mawu amodzi mwa 15 si cholakwika cha pa pepala, ndi munthu yemwe kafukufukuyu anapangidwira.

Komabe a DzanjaLamanzere mwaloza pamalo oyenera. Deta iyi sikuoneka ngati ya gulu lomwe aliyense watsika ndi mawu awiri. Ikuoneka ngati ya gulu lomwe ambiri ali ngati anthu athanzi, ochepa atsika kwambiri. Avereji ya 7.0 sikufotokoza aliyense wa magawo awiriwa. Izi munthu amaziona pa gilafu ya madontho, dontho limodzi pa munthu aliyense, magulu awiri moyandikana. Gilafu ya mizati iwiri imazibisa. Ndipo Shapiro-Wilk pa anthu 14 ilibe mphamvu zokwanira kuzigwira, choncho kudutsa kwake sikutsimikiza kuti deta ili ngati belu. Kwangosonyeza kuti umboni wokanira sunakwane.

Mutu_ndi_Mitsempha
Ine ndimagwira ntchito ndi odwala khunyu. A Kambalame, khunyu la anthu anuwa likuyambira mbali iti ya ubongo? Ndikufunsa chifukwa n'zodziwika kuti khunyu loyambira m'chigawo cha ubongo cha pafupi ndi khutu, kumanzere, makamaka hipokampasi, kachigawo kothandiza kukumbukira, ikawonongeka, limakhudza kwambiri kukumbukira mawu, pomwe la kumanja nthawi zambiri silitero pa mayeso a mawu. Ngati mwasakaniza onse m'gulu limodzi, kumwazikana kwa 4.0 sikungandidabwitse.

Kambalame
Onse ndi a chigawo chimenecho. Asanu ndi mmodzi kumanzere, asanu ndi atatu kumanja. Ndapita kukayang'ana: mwa anayi apansi aja, atatu ndi a kumanzere.

DzanjaLamanzere
Ndiye basi! Yerekezani a kumanzere 6 ndi athanzi 30, p itsika yokha.

Nyenyezi_ya_Mbandakucha
Apa mpofunika kusamala. Kodi kugawa kumanzere ndi kumanja kunalembedwa mu pulotokolo deta isanatoleredwe? Ngati kunalembedwa, chitani, ndi funso lanu lomwe. Ngati ayi, ndiye kuti mwaona kaye amene atsika, kenako mwafunafuna chowagwirizanitsa. Mukanapeza kuti atatu mwa anayiwo ndi achikulire, kapena akumwa mankhwala amodzi, mukanagawa motero. P yotuluka pamenepo siitanthauza zomwe owerenga angaganize.

Mutu_ndi_Mitsempha
Sindikugwirizana nanu kwathunthu. Mbali ya khunyu si chinthu chomwe tachitola lero pofuna p yabwino. Dokotala aliyense wa ubongo akanafunsa funso limeneli asanaone nambala ngakhale imodzi, ndipo ine ndafunsa ndisakudziwa yankho. Kulemba lipoti lonena kuti odwala sanasiyane kwenikweni ndi athanzi, osatchula mbali, n'kusocheretsa owerenga kuposa kugawako.

Nyenyezi_ya_Mbandakucha
Sindikuti abise. Aike pa gilafu, a kumanzere mtundu wina, a kumanja mtundu wina, alembe maavereji awo. Koma anene poyera kuti kugawaku kwabwera deta itaonedwa kale, ndipo asakuike pamutu pa lipoti ngati chachikulu chomwe apeza. Anthu 6 ndi ochepa zedi. Mmodzi akasuntha ndi mawu 6, avereji yonse yasuntha ndi mawu amodzi.

Mutu_ndi_Mitsempha
Pa gilafu tagwirizana. Pa zoti isakhale nkhani yaikulu, ine ndikanali pomwe ndinali.

Kambalame
Mu pulotokolo tinalemba kuti tilemba mbali ya khunyu ya wodwala aliyense, koma sitinalembe kuti tiyerekeza. Ndiye ndili pakati pa inu awiri.

Phwitiko
Ndifunseko zanga poti akatswiri mwasonkhana. Ine ndili ndi wodwala mmodzi yekha amene anavulala m'mutu, ndi anthu athanzi 12. SPSS ikukana kundipatsa Welch. Nditani?

Chiwerengero
Ikukana chifukwa munthu mmodzi alibe `SD`. Pa zotere pali njira ya Crawford ndi Howell ya mu 1998, yomwe imafunsa ngati munthu mmodziyo ali kunja kwa zomwe timayembekezera kwa anthu athanzi:

```
t = (x - mean) / (SD * sqrt((n + 1) / n)),  df = n - 1
```

Musangogwiritsa ntchito z, chifukwa z imatenga avereji ndi `SD` ya anthu 12 anuwo ngati zodziwika motsimikizika, ndipo imakokomeza kulemala. Tiyese pa deta ya a Kambalame. Wodwala wopeza 3: kusiyana ndi 6, pansi pali 2 kuchulukitsa ndi 1.017, t ikubwera 2.95 ndi `df` 29, p yochepera 0.01. Ndiye ngakhale wapamwamba mwa anayi aja ali kutali ndi athanzi. A Kambalame, izi zikhoza kukuthandizani kunena kuti odwala 4 mwa 14 anagwa pansi pa malire omwe palibe wathanzi anatsika kuwapyola. Kungoti malirewo akhale odziwika kale, monga `SD` ziwiri pansi pa avereji ya athanzi, osati osankhidwa kuti akwanire anayiwo.

Phwitiko
Zikomo kwambiri, ndiyesa.

GogoWaKafukufuku
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo palibe wafunsa zaka za anthuwa ndi sukulu yomwe anafika. Kukumbukira mndandanda wa mawu kumatsika ndi ukalamba ndipo kumakwera ndi maphunziro. Athanzi anuwo munawapeza kuti? Ngati ambiri ndi ophunzira anzanu, ndiye Welch kapena Mann-Whitney zonse zikuyeza khunyu, zaka ndi sukulu zitasakanikirana.

Kambalame
Agogo, ambiri ndi abale a odwala omwe anawaperekeza. Zaka zikufanana ndithu, koma athanzi anakhalitsa kusukulu, kusiyana kwake pafupifupi zaka ziwiri pa avereji. Ndinayesa ndi t, p inali yoposa 0.05, ndiye ndinazisiya.

GogoWaKafukufuku
Musazisiye chifukwa cha p imeneyo. Pa anthu ochepa chonchi kusiyana kwenikweni kumatha kudutsa osagwidwa, koma kumakhudzabe malikisi. Chofunika n'chakuti sukulu imakhudza kukumbukira ndipo magulu asiyana. Ikani mu modelo:

```r
m <- lm(malikisi ~ gulu + sukulu, data = d)
lmtest::coeftest(m, vcov. = sandwich::vcovHC(m, type = "HC3"))
```

Mzere wachiwiriwo musauiwale. `lm` payokha imatenga ngati kumwazikana n'kofanana, ndiye mubwerera m'dzenje lomwe a Chiwerengero akutulutsanimo. `HC3` imakonza zimenezo. Ndipo pa anthu 44 musaunjikemo zinthu zambiri, chimodzi kapena ziwiri zakwana.

Mutu_ndi_Mitsempha
Agogo, apa ndili ndi nkhawa. Ambiri mwa odwala khunyu anasiya sukulu chifukwa cha khunyu lomwelo, makamaka amene linawayamba ali ana. Mukachotsa mphamvu ya sukulu, simukuchotsanso mbali ya mphamvu ya matendawo?

GogoWaKafukufuku
Mukunena zoona, ndipo palibe testi yomwe ingamasule mfundo imeneyo. Alembe zonse ziwiri, yopanda sukulu ndi yokhala ndi sukulu, owerenga aone kuti nambala yasuntha bwanji. Ngati ali ndi zaka zomwe khunyu linayambira, ayang'anenso amene linawayamba atamaliza kale sukulu.

Tsabola_7
Ndiye mwamupatsa matesti asanu m'malo mwa atatu. Wathandizika pamenepa?

Chiwerengero
Wamkulu ndi mmodzi. Funso la mu pulotokolo linali loti odwala amakumbukira mawu ochepa bwanji poyerekeza ndi athanzi, ndiye ndi funso la maavereji, ndipo testi yake ndi Welch. A Kambalame, musalembe kuti palibe kusiyana. Lembani kuti odwala anakumbukira mawu 2.0 ocheperapo, `95% CI` kuyambira -0.4 mpaka 4.4, `t(16.1) = 1.77`, p = 0.10. Malire amenewa akulola kuti kusiyana kulibe, akulolanso kuti ndi mawu anayi, omwe pa mndandanda wa 15 ndi ambiri. Pambali pake ikani 0.62 ya a Nyenyezi_ya_Mbandakucha ndi gilafu ya madontho.

Chimodzi chomwe ndikukayikabe: Welch nayo imadalira kuti avereji ya anthu 14 ikuyenda bwino, ndipo gulu lokhala ndi mchira mbali imodzi ngati ili likhoza kupotoza malirewo pang'ono. Sindingalumbire pa -0.4 ameneyo.

Kambalame
Ndayendetsa kodi ija, Student yabwera 0.12, Welch 0.05, ndipo ndawatumizira ondiyang'anira limodzi ndi gilafu. Ayankha kuti Welch avomera, koma akufuna kuyerekeza kwa kumanzere ndi kumanja kukhale tebulo loyamba. A Mutu_ndi_Mitsempha, a Nyenyezi_ya_Mbandakucha, ndikaika malikisi a magulu awiriwa padera mawa, mungandithandize kalembedwe kake?

Nyenyezi_ya_Mbandakucha
Ikani, ndi zaka za sukulu za aliyense pambali pake. Koma tebulo loyamba ayi.